Madandaulo a wantchito wobera abwana ake koyamba: zomwe woweruza amafuna kumva asanapereke chilango

M'khoti la majisitireti, kaya pa boma la Mulanje kapena la Thyolo, munthu akapezeka wolakwa pamakhala funso limodzi lomwe latsala. Wotanthauzira amatembenukira kwa woimbidwa mlandu n'kunena kuti, "Khoti lakupezani wolakwa. Muli ndi madandaulo anji lisanapereke chilango?" Ambiri amayankha ndi mawu omwe anamva kwa anzawo ku rimandi: "Ndili ndi ana anayi, mkazi wanga sali pa ntchito, mundikhululukire bwana." Woweruza amalemba mzere umodzi m'fayilo, n'kudikira pang'ono ngati pali zina. Pakakhala chete, mpata uja watha. Munthu yemwe lamulo linali kale kumbali yake amakwera galimoto ya kundende asanatchule ngakhale chimodzi mwa zinthu zomwe zikanamuthandiza.

Tiyambe ndi kukula kwa mlanduwu. M'buku la malamulo a milandu ndi zilango, lotchedwa Penal Code, kuba wamba kuli pa gawo 278 ndipo chilango chake chachikulu ndi zaka 5. Koma wakubayo akakhala kalaliki kapena wantchito, ndipo chobedwacho n'cha abwana ake kapena chinafika m'manja mwake chifukwa cha ntchitoyo, mlandu umapita pa gawo 286, pomwe chilango chachikulu ndi zaka 14. Thumba la feteleza ndi lomwelo, mtengo wake ndi womwewo, koma wodutsa m'njira akaliba ndi mlandu wina, wosunga makiyi a sitolo akaliba ndi mlandu winanso. Kusiyanaku kumachokera pa chikhulupiriro. Mbava yakunja imatsekeredwa ndi loko, pomwe wantchito ndiye amapatsidwa kiyi wa lokoyo. N'chifukwa chake makhoti kuno amautenga mlanduwu ngati wofunika ndende, ngakhale kwa wopalamula koyamba. Zaka 14 zija zimasungidwira mlandu woipitsitsa, ndipo wantchito wamba sayandikira n'komwe pamenepo, koma wodandaula, kutanthauza wolakwa yemwe akupereka madandaulo ake, ayenera kudziwa kuti akuyambira pamalo pomwe woweruza akuganiza kale za ndende.

Chomwe chimamuteteza chili m'buku lina, la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni, Criminal Procedure and Evidence Code. Gawo 340 la bukuli limati munthu yemwe palibe umboni woti anapezekapo wolakwa kale asatumizidwe kundende, pokhapokha khoti litaona, pa zifukwa zomveka zomwe liyenera kuzilemba m'fayilo, kuti palibe njira ina yoyenera yomulangira. Gawo 339 ndilo limatchula njira inayo: khoti litha kugamula chilango cha ndende koma n'kuchiimika kwa nthawi yosapitirira zaka 3, pa mfundo zomwe laika, monga kubweza zomwe zinatayika kapena kusapalamulanso, ndipo lithanso kulamula kuti munthuyo akagwire ntchito yothandiza anthu m'dera lake m'malo mokhala m'ndende. Palinso gawo 337, lomwe limalola khoti kumasula munthu popanda chilango kapena pa mfundo zina, likaona msinkhu wake, thanzi lake, khalidwe lake ndi kuchepa kwa mlandu, koma pa kuba kwa wantchito njira imeneyi imatseguka pa tinthu tating'ono zedi.

Magawo awiriwa, 339 ndi 340, ndiwo amasonyeza ntchito yeniyeni ya madandaulo. Woweruza akafuna kutsekera wopalamula koyamba, ayenera kulemba chifukwa chake palibe njira ina. Madandaulo abwino amamupatsa njira inayo m'manja, yooneka ndi yogwirika, kuti kulemba mawu oti "palibe njira ina" kumuvute. Kupempha chifundo kokha sikuchita zimenezi, chifukwa chifundo sichilembeka ngati chifukwa cha lamulo.

Tiyerekeze mlandu umodzi kuti tiuyende wonse. Bambo wa zaka 31 wagwira ntchito zaka 7 ngati kalaliki wa sitolo pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje. Tsiku lina Loweruka watulutsa matumba 6 a feteleza a makilogalamu 50, n'kulemba m'buku kuti apita kumunda. Powerengera katundu Lachitatu, kapitawo wa kumunda akukana kuti sanalandire kanthu. Apolisi apeza matumba 4 kunyumba kwa kalalikiyo, awiri anagulitsa kale. Pa pepala la mlandu alemba mtengo wa matumba onse kuti ndi K900,000, kutanthauza K150,000 thumba limodzi. Wakhala pa rimandi milungu 3, ntchito yatha, ndipo akuvomera mlandu.

Madandaulo ake sayamba pa funso la wotanthauzira lija. Amayamba pomwe wapolisi woimira boma pa milandu akuwerenga mmene mlandu unachitikira. Munthu akavomera mlandu, woimira boma amafotokoza nkhani yonse mwachidule, kenako khoti limafunsa ngati zanenedwazo n'zoona. Apa ambiri amangoti "n'zoona" chifukwa cha mantha, osamvetsera manambala. Koma zomwe wavomera pamenepa ndizo maziko a chilango. Woimira boma akatchula K900,000 osatchula kuti matumba 4 anapezeka ali osatsegula, fayilo isonyeza kuti esiteti inataya K900,000, pomwe inataya K300,000. Kalalikiyo ayenera kunena pomwepo mwaulemu kuti, "N'zoona bwana, koma ndipemphe kuti zilembedwe kuti matumba anayi anabwezedwa, ndipo ndine ndinawalozera apolisi pomwe anali." Chimodzimodzi ngati akunenedwa kuti wakhala akuba kwa miyezi yambiri pomwe mlandu womwe wavomera ndi wa tsiku limodzi. Katundu yense yemwe anasowapo m'sitolo chaka chimenecho sangakwezedwe pamutu pake popanda umboni.

Kenako khoti limafunsa woimira boma ngati munthuyu ali ndi mbiri ya milandu. Mawu oti wopalamula koyamba ali ndi tanthauzo lake lenileni: munthu yemwe khoti silinamupezepo wolakwa. Kugonapo m'chitokosi cha apolisi n'kutulutsidwa si mbiri ya mlandu. Kalata yochenjeza ya kuntchito si mbiri ya mlandu. Ngakhale mphekesera za pa esiteti zoti "ameneyu ndi kale anayamba" zilibe malo. Boma likanena kuti anamangidwapo, liyenera kubweretsa umboni wake, ndipo munthuyo afunsidwe ngati akuvomereza. Woimira boma akanena yekha kuti mbiri palibe, wodandaula aibwereze mfundoyo m'mawu ake kuti ilembedwe kawiri.

Ndalama zobwezedwa zimalankhula kuposa mawu onse

Pa mlandu wa katundu, palibe mfundo yolemera kuposa yoti mwini katundu sanataye kanthu, kapena wataya zochepa. Koma makhoti amasiyanitsa katundu wopezedwa ndi apolisi ndi katundu wobwezedwa mwa kufuna kwa wolakwa. Matumba 4 aja amachepetsa zomwe esiteti inataya, ndipo zimenezo zimawerengedwa, koma sasonyeza kulapa kwenikweni chifukwa anachita kulandidwa. K300,000 ya matumba awiri ogulitsidwa aja ndiyo ingasonyeze mtima wa munthu. Achibale akasonkha K180,000 n'kuipereka chilango chisanaperekedwe, woweruza amakhala ndi chinthu chooneka choti alembe.

Kaperekedwe kake n'kofunika ngati ndalamazo. Kuno kwathu nkhani zotere amaziyendetsa ndi amalume kapena mwinimbumba, ndipo kawirikawiri amapita kwa kapitawo kapena kwa mlonda wamkulu yemwe amadziwana naye, n'kusiya ndalama pamanja pongodalira ulemu. Tsiku la khoti palibe pepala, woimira boma akuti sakudziwapo kanthu, ndipo woweruza sangalembe zomwe sanazione. Ndalama ziperekedwe ku ofesi ya akawunti ya olemba ntchitowo, atenge lisiti yokhala ndi chidindo, tsiku, ndi mawu osonyeza kuti n'zobweza pa mlandu umenewu. Ngati abwanawo akukana kulandira, zomwe zimachitika akakwiya, ndalamazo zibwere kukhoti ndipo wodandaula anene kuti zilipo, n'kupempha khoti kuti lilamule mmene ziperekedwere. Kukana kwa abwana sikufafaniza kufuna kubweza. Ndalama zisaperekedwe kwa wina aliyense wolonjeza kuti "akalankhula ndi akuluakulu" kuti mlandu uzizire. Zimenezo zimabala mlandu wina wa ziphuphu.

Achibale ambiri amakhumudwa akamva kuti abweza zonse koma mlandu ukupitirira. Mlandu wa kuba ndi wa boma, si wa abwana, ndipo munthu akapezeka kale wolakwa, manijala sangabwere n'kunena kuti zithe. Chomwe angachite, ndipo n'chothandiza kwambiri, ndi kulemba kalata kapena kutuma munthu kudzauza khoti kuti alandira ndalamazo, kuti wantchitoyu anagwira zaka 7 popanda vuto, ndipo alibe naye mangawa. Woweruza samangidwa ndi maganizo a mwini katundu, koma amawamva.

Zotsala, K120,000 ija, ndizo zimatsegula gawo 339. Popeza chilango chitha kuimikidwa pa mfundo yobweza, wodandaula apereke ndondomeko yomwe angaikwanitse: K20,000 pa mwezi kwa miyezi 6, kuchokera mu maganyu ndi nthochi kapena chinanazi cha pamunda pake. Apa pali msampha. Munthu ali m'kabokosi ka woimbidwa mlandu, mantha ali tho, amalonjeza kuti abweza zonse mwezi ukamatha. Khoti limalemba lonjezolo ngati mfundo ya chilango. Mwezi ukatha osabweza, waphwanya mfundo, ndipo chilango chinaimikidwa chija chitha kuyamba kugwira ntchito. Ndi bwino kutchula ndalama yochepa yomwe ipezekedi kusiyana ndi yaikulu yongosangalatsa khoti tsiku limenelo. Ndipo mfundo yomwe woweruza aliyense amaimvetsa inenedwe poyera: munthu ali m'ndende sapeza ndalama, choncho akatsekeredwa, esiteti siidzaionanso K120,000 imeneyo.

Kuvomera mlandu kumachepetsa chilango, ndipo makhoti kuno amatha kuchotsa mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu. Chifukwa chake n'choti kumapulumutsa nthawi ya khoti, mboni sizivutika kuyenda, ndipo kumasonyeza kulapa. Kuchotserako kumakula munthu akavomera tsiku loyamba, kumachepa akavomera mboni zitatu zitaperekera kale umboni. Woweruza amadziwa zimenezi, komabe zitchulidwe, pamodzi ndi mfundo yoti anavomeranso kupolisi ndipo sanavutitse ofufuza. Yemwe anakana mlandu mpaka kumapeto salangidwa chifukwa chokana, ndi ufulu wake, kungoti kuchotsera kumeneku sakupeza. Mfundo zina zonse zimamugwirirabe ntchito.

Pali mawu ena omwe amagwetsa madandaulo onse, ndipo amatuluka mosavuta pakamwa pa munthu wofuna kudziyeretsa. Wina amati, "Sindinabe ayi, ndinangobwereka, ndimati ndibweza pa malipiro." Ngati zinali ndalama, monga za wogulitsa m'golosale kapena wotolera ndalama za kampani, lamulo limati kutenga ndalama n'kuzigwiritsa ntchito mmene ukufunira ndi kuba ngakhale unali ndi maganizo odzabweza. Mawuwo sapulumutsa munthu, amangomuonetsa ngati sakuvomereza kulakwa kwake. Wina amati, "Ndinatenga chifukwa anali asanandilipire miyezi itatu." Awa ndi mawu a mtundu wina, chifukwa munthu wotenga chinthu akukhulupirira moona mtima kuti ali ndi ufulu pa chinthucho atha kukhala ndi chodzitetezera pa mlandu weniweniwo. Woweruza wosamala akamva zimenezi pa madandaulo atha kufafaniza kuvomera kuja n'kulemba kuti munthuyu akukana mlandu, mboni ziitanidwe. Ngati nkhaniyo ndi yoona, malo ake ndi kumayambiriro, asanavomere, ndipo afunse kaye loya kapena wothandiza pa zamalamulo. Ngati wangoinena pofuna kuchepetsa manyazi, wadzibwezera yekha ku rimandi. Kuchedwa kwa malipiro kungatchulidwe ngati vuto lomwe linamukankha, koma atanena kaye momveka kuti akudziwa kuti analibe ufulu wotenga katunduyo.

Kunyoza abwana nakonso sikuthandiza. Malipiro a m'minda ya tiyi ndi ochepa, ndipo woweruza wokhala ku Mulanje kapena ku Thyolo amadziwa zimenezo popanda kuuzidwa. Koma wodandaula akayamba kunena kuti kampaniyo ndi yolemera, matumba 6 siingawamve n'komwe, akuuza khoti kuti angachitenso.

Nanga ana anayi aja? Mfundo imeneyi ndi yoona ndipo ndi yowawa, koma makhoti akuluakulu akhala akunena kuti mavuto a pabanja, mwa iwo okha, sachepetsa chilango, chifukwa pafupifupi aliyense wolowa m'ndende amasiya omudalira, ndipo wopalamula amayenera kuwaganizira asanapalamule. Imayamba kulemera pokhapokha vutolo likakhala lapadera: mayi wa anawo anamwalira ndipo palibe wina wowasunga, mwana ali ndi matenda ofuna kupita naye kuchipatala mwezi ndi mwezi, kapena wolakwayo ndi mayi woyamwitsa. Zikatero pabwere umboni, monga kabuku ka kuchipatala kapena kalata ya amfumu. Chimodzimodzi matenda a wolakwayo mwini. Kungoti "ndimadwaladwala" sikulembeka, koma kabuku kosonyeza mankhwala omwe amalandira ndi masiku ake kamalembeka.

Ambiri sadziwa kuti pa nthawi imeneyi atha kubweretsa umboni. Gawo 260 la buku la kayendetsedwe ka milandu lija limalola khoti kulandira umboni uliwonse womwe lingaone kuti ulithandiza kupeza chilango choyenera. Mkulu wa mpingo, nyakwawa, ngakhale kapitawo yemwe anagwira naye ntchito atha kuimirira n'kunena zomwe akudziwa. Mapepala akakhala kuti sanafike, wodandaula apemphe kuti chilango chidzaperekedwe tsiku lina, patapita masiku awiri kapena atatu. Kugona masiku atatu ena ku rimandi n'kopepuka poyerekeza ndi kulandira chilango lisiti ili m'thumba la amalume omwe basi yawachedwetsa pa Luchenza.

Mmene woweruza amayezera kukula kwa kusakhulupirika

Pa milandu ya wantchito, khoti limayang'ana zinthu zingapo kuwonjezera pa mtengo wa katundu. Limaona udindo womwe munthuyo anapatsidwa, nthawi yomwe kubako kunatenga, ngati panali kukonzekera ndi kubisa, komwe ndalamazo zinapita, mmene abwana apwetekedwera, ndi ngati antchito anzake anavutika kapena kuganiziridwa chifukwa cha iye. Wodandaula wanzeru amadziyeza yekha pa mfundo zimenezi asanalowe m'khoti, n'kudziwa pomwe ali wolimba ndi pomwe ali wofooka.

Kalaliki wathuyu ali wofooka pawiri. Makiyi ndi buku zinali m'manja mwake, ndiye chikhulupiriro chomwe anaphwanya n'chachikulu kuposa cha wothyola tiyi yemwe watola chikwanje cha kampani. Analembanso zabodza m'buku, zomwe zinaika kapitawo wa kumunda pa chiopsezo. Woimira boma azitchula zimenezi, ndipo kawirikawiri amawonjezera kuti milandu yotere yachuluka m'maesiteti, pakufunika chilango choti ena atengerepo phunziro. Kuzizemba n'kulakwitsa. Ndi bwino kuzivomera m'chiganizo chimodzi, kenako n'kusonyeza mbali ina: zinachitika kamodzi, tsiku limodzi, pa zaka 7 zomwe makiyi omwewo anali m'manja mwake popanda kusowa kanthu. Anachita yekha, sanakope mlonda kapena dalaivala. Atafunsidwa anaulula msanga, kapitawo uja asanavutike. Pa mfundo ya phunziro kwa ena, makhoti akuluakulu anenapo kuti wopalamula koyamba asasandutsidwe chitsanzo choopsezera anthu ena. Chilango chake chiyenerane ndi mlandu wake ndi iye mwini, ndipo cholinga chikhale chomuletsa iyeyo kubwereza.

Komwe ndalama zinapita kunenedwe moona. Ngati K300,000 ija inalipira fizi ya mwana wa fomu 3 ndi ngongole ya katapira, zinenedwe, ndi lisiti ya sukulu ngati ilipo. Si chifukwa chobera, koma zimasiyanitsa munthu wopanikizika ndi munthu wadyera. Ngati inathera ku mowa, asapeke nkhani ya maliro. Woimira boma ndi wa m'dera lomwelo ndipo wapolisi wofufuza anafika kale kumudzi. Bodza limodzi likagwidwa, zoona zonse zomwe zanenedwa zimakayikitsa.

Palinso zomwe munthuyu walangidwa nazo kale. Ntchito yatha. Wochotsedwa ntchito moyenera chifukwa cha khalidwe salandira ndalama ya chipukuta misozi ya zaka zomwe wagwira, ndiye zaka 7 zija zapita. Ngati amakhala m'nyumba ya kampani, banja latulutsidwamo. Ndi mbiri imeneyi, palibe esiteti ina yomwe idzamupatsenso makiyi. Zimenezi zimasonyeza khoti kuti mwayi woti abwereze mlandu womwewu ndi wochepa kwambiri. Msinkhu nawo umawerengedwa: makhoti amachitira chifundo achinyamata a zaka zapakati pa 18 ndi 25 komanso okalamba opitirira zaka 60. Wa zaka 31 sangadalire mfundo imeneyi, koma ali ndi ina m'malo mwake, yoti wakhala zaka zonse za ukulu wake osapalamula.

Zonsezi zikasonkhanitsidwa, madandaulo ake atha kumveka motere, ndipo satenga mphindi zoposa zitatu:

"Bwana woweruza, ndavomera mlanduwu tsiku loyamba, ndipo ndinavomeranso kupolisi. Ndikudziwa kuti abwana anga anandikhulupirira ndi makiyi, ine ndinaphwanya chikhulupiriro chimenecho, ndipo ndikupepesa kwa iwo ndi kwa a kapitawo omwe ndinawaika m'mavuto. Ndagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri, ichi n'choyamba, ndipo sindinaimepo m'khoti. Matumba anayi anabwezedwa ali osatsegula. Pa awiri otsalawo, abale anga apereka K180,000, lisiti yake ndi iyi. Yotsala K120,000 ndikupempha kuti ndizibweza K20,000 mwezi uliwonse. Ntchito yandithera ndipo nyumba ya kampani tatulukamo. Ndakhala pa rimandi kuyambira tsiku lomwe ndinamangidwa, milungu itatu tsopano. Ndimakhala m'mudzi mwa amfumu omwe alemba kalata iyi, ndipo sukulu ya pulayimale ili pafupi ndi kwathu. Ndikupempha khoti kuti, popeza ndine wopalamula koyamba, liimike chilango changa kapena lindipatse ntchito yothandiza anthu m'dera, kuti ndithe kumaliza kubweza."

Taonani kuti pempho lili kumapeto ndipo latchula chinthu chenicheni. Ambiri amathera pa "mundiganizire", n'kusiyira woweruza ntchito yoganiza njira. Alankhule pang'onopang'ono, chiganizo chimodzi n'kupuma, chifukwa wotanthauzira akutembenuza ndipo woweruza akulemba pamanja. Chomwe sichinalembedwe, kwa oweruza a pamwamba chimakhala ngati sichinanenedwe. Pepala lililonse liperekedwe kudzera kwa kalaliki wa khoti kuti lilowe m'fayilo, ndipo achibale asunge fotokope yake.

Kutchula sukulu yapafupi kuja kuli ndi chifukwa. Ntchito yothandiza anthu m'dera imaperekedwa pa zilango zosapitirira miyezi 12, ndipo mwezi umodzi wa ndende umasinthidwa ndi maola 40 a ntchito yopanda malipiro pa malo a boma kapena othandiza anthu, monga sukulu, chipatala chaching'ono kapena khoti lenilenilo. Khoti limafuna kudziwa kuti munthuyo ali ndi pokhala podziwika, kuti akuvomera kugwira ntchitoyo, ndi kuti pali malo oyandikira omwe angamuyang'anire. Apa ndi pomwe masamu a madandaulo amaonekera. Tiyerekeze, mwachitsanzo chabe, kuti woweruza wayambira pa miyezi 18 poona mtengo wa katundu ndi udindo wa kalalikiyo. Kuvomera mlandu kukachotsa gawo limodzi mwa atatu, yatsala miyezi 12. Kubweza ndi mbiri yabwino zikachotsa ina iwiri, yatsala 10. Pa miyezi 18 khomo la ntchito ya m'dera linali lotseka, pa miyezi 10 latseguka: maola 400, omwe ndi masiku 50 kwa munthu wogwira maola 8 pa tsiku. Woweruza wina atha kuyambira pamwamba kapena pansi pa 18, ndipo palibe lamulo lomukakamiza kusankha njira imeneyi. Koma mfundo iliyonse yomwe yatsitsa chilango ndi mwezi umodzi kapena iwiri itha kukhala yomwe yawolotsa munthu malire a miyezi 12.

Tinene mosabisa kuti pali milandu yomwe madandaulo abwino kwambiri sangachotse ndende. Wosunga ndalama yemwe wakhala akudula pang'onopang'ono kwa chaka chathunthu, n'kumasintha mabuku, ndalama zake zokwana mamiliyoni ndipo sanabweze kalikonse, apita kundende ngakhale ndi koyamba. Mlonda yemwe anatsegulira akuba geti nayenso ali pamalo ovuta, chifukwa anachita chenicheni chomwe analembedwera kuti aletse. Pamenepo cholinga cha madandaulo chimasintha: kufupikitsa chilango, ndi kupempha kuti chiyambe kuwerengedwa kuchokera tsiku lomwe anamangidwa, osati tsiku la chigamulo. Pempho limeneli lisaiwalike pa mlandu uliwonse, chifukwa kwa munthu yemwe wakhala miyezi 4 pa rimandi, ndi miyezi 4 ya moyo wake. Dziwaninso kuti zomwe tafotokozazi ndi za wantchito wa kampani, wa sitolo kapena wa pakhomo. Wogwira ntchito m'boma akaba katundu wa boma amazengedwa pa gawo lina la Penal Code, 283, lomwe lili ndi malamulo ake okhwima.

Chilango choimikidwa si kumasulidwa. Munthu amatuluka pakhomo la khoti n'kupita kwawo, koma mbiri ya mlandu yalembedwa, ndipo miyezi ija ikumudikira. Akapalamulanso mkati mwa nthawi yomwe khoti laika, kapena akasiya kubweza, atha kuitanidwa n'kukagwira chilango chakalecho. Yemwe wapatsidwa maola a ntchito n'kumajomba amabwezedwanso kukhoti. Vuto likagwa, monga matenda kapena kusowa kwa ndalama mwezi wina, apite yekha kukhoti kukafotokoza tsiku lolipira lisanadutse, asadikire kuti amufunefune.

Woweruza akagamula ndende osaimika chilango, nkhani siinathe. Gawo 15 la buku la kayendetsedwe ka milandu limalamula kuti fayilo ya wopalamula koyamba yemwe watumizidwa kundende ipite ku Khoti Lalikulu kuti jaji akaione ngati chilangocho chili choyenera, ndipo milandu ya ku Mulanje ndi ku Thyolo imapita ku Blantyre. Jaji saona nkhope ya munthu, amawerenga fayilo. Akapeza kuti majisitireti sanalembe chifukwa chomwe anakanira njira zina monga gawo 340 likufunira, kapena kuti lisiti ya K180,000 ili m'fayilo koma chigamulo sichinaitchule, atha kuchepetsa chilango kapena kulamula kuti munthuyo atuluke. Kuunikaku kumatha kuchedwa, ndipo pa chilango chachifupi munthu atha kumaliza fayilo isanawerengedwe, choncho achibale asangokhala. Wolakwayo ali ndi ufulu wochita apilo, ndipo ngakhale yemwe anavomera mlandu atha kudandaula za kukula kwa chilango. Chidziwitso choti akufuna kuchita apilo chiyenera kuperekedwa molemba pasanathe masiku 10 chigamulo chiperekedwere, ndipo yemwe ali m'ndende amachipereka kudzera kwa oyang'anira ndendeyo. Wopanda ndalama ya loya apemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, kapena kwa othandiza pa zamalamulo omwe amayendera ndende ndi makhoti, ndipo wachibale wopita kukaonana nawo atenge nambala ya mlandu, tsiku la chigamulo, ndi mafotokope a malisiti aja.